Kubisa Chipinda pa Msonkhano wa Vidiyo ndi Kukonza M'mbali Mukamanyenyeka

Muli pa msonkhano wa vidiyo, chipinda mwachibisa ndi chithunzi cha ofesi yooneka bwino, koma mukangotembenuza mutu khutu limodzi likusowa. Mukakweza dzanja zala zikudukaduka. Pamwamba pa tsitsi pali kamzere koyera kamene kakungophethiraphethira, ndipo mpando umene mwakhalapo ukuoneka, kenako n'kusowa, kenako n'kuonekanso. Zikatere anthu ambiri amathamangira kusintha chithunzi chakumbuyocho, ena amangoti kamera yawo ndi yachabechabe. Koma nthawi zambiri vuto silikhala mu kamera kapena m'chithunzicho. Limakhala m'chipindamo, makamaka kumene kuwala kukuchokera ndi mtundu wa zinthu zimene zili kumbuyo kwanu.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe taona chimene pulogalamu imachita. Kamera ya pa laputopu ili ndi diso limodzi, choncho sidziwa kuti ichi chili pafupi, icho chili patali. Imangotumiza zithunzi zafulati, pafupifupi 30 pa sekondi imodzi zinthu zikakhala bwino. Pa chithunzi chilichonse pulogalamu imayerekeza kuti munthu wathera pati ndipo khoma layambira pati, n'kujambula malire. Zam'kati mwa malirewo imazisiya, zakunja imazichititsa chimbuuzi kapena kuziphimba ndi chithunzi china. Ntchito yonseyi ndi yongoyerekeza, ndipo imabwerezedwa mwatsopano kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Malire akasuntha pang'ono kuchoka pa chithunzi china kupita pa chinzake, maso athu amaona m'mbali mukunjenjemera. Ndiye kukonza kwake n'kuipatsa pulogalamuyo chithunzi chimene munthu ndi khoma zikusiyana moonekeratu, moti kuyerekezako kusavute.

Kutchera koyamba

Pa Zoom ya pa kompyuta, tsegulani pulogalamuyo musanalowe mu msonkhano uliwonse, mupite ku Settings, kenako ku gawo lotchedwa Background & Effects. Mudzadziona nokha pa kasikirini kakang'ono, ndipo m'munsi mwake muli zosankha. None ndiye kuti palibe chobisika. Blur amachititsa chimbuuzi chipinda chanu chenichenicho. Zotsalazo ndi zithunzi, ndipo kachizindikiro ka + kali pambali n'koikira chithunzi chanu kuchokera mu kompyuta. Ngati msonkhano wayamba kale, dinani kamuvi kali pafupi ndi batani la kamera m'munsi mwa sikirini, mupeza zomwezi. Mayina a mabataniwa amasinthako pang'ono pulogalamu ikatuluka yatsopano, koma liwu loti Background silisowa.

Pa Google Meet, batani lake lili pa chithunzi chanu chomwe chija mumadzionera musanalowe, ndipo muli kale m'kati mumalipeza pa timadontho titatu. Kumeneko chimbuuzi chilipo cha mitundu iwiri, chochepa ndi chambiri. Pa Microsoft Teams n'chimodzimodzi: pa sikirini yodikirira musanalowe pali malo osankhira zakumbuyo, ndipo m'kati mwa msonkhano zili pa kamuvi ka pambali pa kamera.

Chonde tcherani musanalowe. Mukayamba mwalowa kamera ili yoyaka kenako n'kumafufuza batani, anthu amakhala ataona kale zimene mumafuna kubisazo.

Ngati mwasankha kuika chithunzi chanu, chikhale chopingasa, cha muyezo wa 16:9, chosachepera mapikiselo 1280 m'litali ndi 720 m'lifupi. Cha 1920 ndi 1080 ndiye chabwino koposa. Chithunzi choimirira chojambulidwa pa foni chimadulidwa kapena kusiya mipata m'mbali. Komanso musadabwe mukaona kuti malemba a pa chithunzicho akuoneka otembenuka. Zoom imakuonetsani nokha ngati pa kalilole chifukwa cha Mirror my video, koma anzanuwo amaona malembawo ali bwinobwino. Ndaonapo anthu akutembenuza chithunzi kuti chiwakomere iwo pa sikirini yawo, osadziwa kuti tsopano chatembenukira wina aliyense.

Yesani kaye, mudziwe mtundu wa vuto

Mukatchera, musangoyang'ana nkhope n'kunena kuti zili bwino. Munthu akakhala chete osasuntha, pafupifupi kamera iliyonse imaoneka yabwino. Khalani mmene mumakhalira pa msonkhano, pa nthawi yomwe msonkhanowo umachitika, chifukwa kuwala kwa m'mawa si kwa madzulo. Tembenuzani mutu kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono. Kwezani dzanja, mutambasule zala, mulibayibitse. Tsamirani mpando, kenako muweramire kutsogolo. Pomaliza nyamulani pepala kapena buku mulionetse ku kamera. Zoyesa zimenezi sizitha mphindi imodzi, koma zimakuuzani kuti vuto lanu ndi la mtundu wanji.

Ngati m'mbali monse mukunjenjemera ngakhale mutakhala chete, ndiye kuti kuwala kwachepa. Ngati malo amodzi okha ndi amene akudyeka, monga phewa kapena pamwamba pa mutu, pamenepo pali chinthu chakumbuyo chofanana mtundu ndi inu. Ngati mutakhala chete zili bwino koma mukasuntha malire akutsalira m'mbuyo, n'kumakoka kachidutswa ka khoma lenileni, ndiye kuti kamera kapena kompyuta ikuchedwa. Ndipo ngati inuyo mukudziona bwinobwino koma anzanu akuti mukuoneka timabokosi, imeneyo ndi nkhani ya intaneti, osati ya chipinda.

Pali chinthu chimodzi chothandiza kwambiri chimene ambiri sachita: bwezani zakumbuyo pa None kwa kanthawi, muone chithunzi chenicheni chimene kamera ikutumiza. Chimenecho ndi chimene pulogalamu ikugwirirapo ntchito. Ngati inu nomwe mukuvutika kuona pamene tsitsi lathera ndi pamene katani yayambira, pulogalamunso siingathe. Muli pomwepo pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa kouma. Kagalasi kameneka timakagwira ndi chala nthawi iliyonse tikamatsegula laputopu, ndipo mafuta a chala amachititsa kuti kuwala kumwazike, malire onse n'kufewa.

Kuwala ndiye mwini nkhani

Kamera ya pa laputopu ndi yaing'ono kwambiri, ndipo imalandira kuwala kochepa. M'chipinda mukachita kamdima, imadzithandiza m'njira ziwiri, ndipo zonse ziwiri zimaononga malire. Yoyamba, imakweza mphamvu ya chithunzi chofookacho, n'chifukwa chake mumaona timadontho tovinavina ngati mchenga, makamaka pa malo akuda. Timadonthoti timasintha pa chithunzi chilichonse, ndiye malire nawonso amavina nawo. Yachiwiri, imatenga nthawi yotalikirapo pojambula chithunzi chilichonse kuti isonkhanitse kuwala kokwanira. Makamera ambiri amatsika kuchoka pa zithunzi 30 pa sekondi kufika pa 15 kapena kucheperapo. Pamenepo dzanja likasuntha limajambulidwa lofufutika, ndipo chinthu chofufutika chilibe malire oti pulogalamu n'kuwatsata.

Choncho kuwala kuzichokera kutsogolo kwanu, kumbuyo kwa laputopu. Zenera likhale moyang'anizana ndi nkhope yanu, kapena chakumbali pang'ono. Likakhala kumbuyo kwanu, kamera imadzitchera molingana ndi kuwala kwa zeneralo, inuyo n'kusanduka chithunzithunzi chakuda. Kuwalako kumadutsanso m'mipata ya tsitsi ndi m'mbali mwa makutu, ndipo kamzere koyera kaja kamachokera pamenepa. Palibe batani limene lingathetse zimenezi. Tembenuzani tebulo, kapena tsekani zeneralo ndi katani yochindikala n'kuyatsa nyali kutsogolo.

Usiku, babu limodzi la kudenga silikwanira. Limawalitsa pamwamba pa mutu n'kusiya mithunzi m'maso, pansi pa chibwano ndi m'mapewa. Ikani nyali ya patebulo kuseri kwa laputopu, m'mwamba pang'ono kuposa maso anu. Ngati ikuthobwa m'maso kapena ikunyezimira pa magalasi, iloze ku khoma loyera limene lili kutsogolo kwanu kuti kuwalako kuchite kubwerera kwa inu kutafewa. Njira imeneyi ndimaikonda kwambiri chifukwa imawalitsa mapewa onse awiri mofanana, ndipo mapewa ndi amene amadyeka kawirikawiri.

Apa pali chinthu chimene malangizo ambiri amachiphonya. Amangoti walitsani nkhope, koma malire sadutsa pa nkhope. Amadutsa m'mphepete mwa tsitsi, makutu ndi mapewa. Ngati khungu lanu kapena tsitsi lanu ndi lakuda ndipo kumbuyo kwanu kuli mdima, nkhope ikhoza kuwala bwinobwino koma pamwamba pa mutu n'kumasakanikirana ndi mdimawo. Ndiye khoma lakumbuyo nalonso lilandireko kuwala, osati kochuluka koposa kwa nkhope, koma kokwanira kuti mutu uonekere pamene wathera. Babu la kudenga lija apa ndiye limagwira ntchito: lisiyeni loyaka kuti liwalitse khoma, nyali ya patebulo iwalitse inuyo.

Mu Zoom muli Adjust for low light pa gawo la Video. Imawalitsadi chithunzi, koma siwonjezera kuwala kumene kamera yalandira. Imangokweza zimene zilipo, pamodzi ndi timadontho tija. Ndi yothandiza nkhope ikada pang'ono, koma musaiyembekezere kuti ikonza m'mbali.

Zimene zili kumbuyo kwanu, ndi zimene mwavala

Ngakhale khomalo libisika, pulogalamu imaliona, ndipo ndi limene imasiyanitsa ndi inu. Khoma losalala la mtundu umodzi ndiye labwino. Shelefu yodzaza zinthu, katani yamaluwamaluwa, kapena zovala zopachika pa chitseko zimasokoneza. Jekete yopachika kumbuyo ndiye yoipitsitsa, chifukwa ili ndi mapewa ngati munthu, ndipo pulogalamu imatha kuiona ngati mbali ya thupi lanu. Chithunzi cha munthu chopachika pakhoma nachonso nthawi zina chimatulukira.

Malaya asafanane mtundu ndi khoma. Malaya oyera pa khoma loyera amasungunuka m'mapewa. Malaya akuda pa mpando wakuda amachititsa kuti mpandowo uzioneka ngati mapewa anu atalika, ndipo umabwera n'kumachoka mukamapuma. Mpando wa msana wautali wopitirira mapewa ndi gwero la mavuto ambiri. Ngati simungausinthe, uphimbeni ndi nsalu yofanana mtundu ndi khoma, kapena yandikirani kamera kuti thupi lanu liziuphimba.

Musakhale mogundana ndi khoma. Siyani mtunda wa mita imodzi ngati malo alipo. Mukayandikira kwambiri, mthunzi wanu umagwera pakhoma pafupi ndi mutu, wofanana nanu maonekedwe ake, ndipo umasuntha pamodzi nanu. Kwa pulogalamu, mthunzi woterowo ndi wovuta kuusiyanitsa ndi munthu. Kamera ikhale molingana ndi maso, ndipo m'chithunzi muzioneka kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, mapewa onse awiri ali m'kati, pamwamba pa mutu patatsala kampata. Mapulogalamuwa amazindikira bwino munthu akakhala chonchi. Laputopu ikakhala pamiyendo, kamera n'kumayang'ana kudenga, kuzindikirako kumachepa ndipo babu la kudenga limalowa m'chithunzi.

Nkhani ya mayi wina amene ndinawathandiza

Mayi wina amene ndimagwira nawo ntchito amaphunzitsa pa vidiyo madzulo. Tsiku lina anandiimbira nati, "Achimwene, ophunzira akuti mutu wanga ukumadyeka. Kodi ndigule kamera ina?" Ndinawapempha kuti tilumikizane pa nthawi yomwe amaphunzitsayo, ndipo ndinaona zimene ophunzirawo ankanena. Anaika chithunzi cha chipinda choyera mbee. Tsitsi lawo loluka, limene analimanga pamwamba pa mutu, linkasowa theka n'kubwereranso. Kuzungulira mutu wonse kunali mkombero wakuda wokhuthala ngati chala, ndipo phewa lakumanzere linali ndi nyanga imene inkatuluka akatsamira.

Ndinati, "Amayi, tabwezani kaye pa None ndione chipindacho." Zonse zinaonekera pomwepo. Kumbuyo kwawo kunali kabati yamatabwa yoderapo, pafupi kwambiri moti akanatha kuigwira osadzuka. Mpando unali wakuda, wamsana wautali, bulauzi yawo ili yabuluu wakuda. Kuwala kunkachokera pa babu limodzi la kudenga, limene linali chakumbuyo kwawo, ndi pa sikirini ya laputopu basi.

Tinasintha chinthu chimodzi chimodzi, n'kumayesa pambuyo pa chilichonse, kuti tidziwe chimene chathandiza. Choyamba anabweretsa nyali ya patebulo n'kuiloza ku khoma la kutsogolo kwawo. Timadontho tija tinachepa nthawi yomweyo, ndipo kunjenjemera kwa m'mbali mwa nkhope ndi m'khosi kunatha. Koma tsitsi linkasowabe, chifukwa tsitsi lakuda pa kabati yoderapo linali lisanasiyane ndi chilichonse. Ndiye anatembenuza tebulo kuti kumbuyo kwawo kukhale khoma lotuwa m'malo mwa kabati, n'kulikokera kutsogolo mpaka panatsala mtunda woposa mita pang'ono. Apo tsitsi lonse linabwerera, ndipo babu la kudenga lija tsopano linkawalitsa khomalo. Nyanga ya paphewa inali ngodya ya mpando. Anayala thaulo lotuwa pa msana wa mpandowo, nyangayo n'kuzimiririka.

Chinatsala ndi kamkombero kaja, kamene tsopano kanali kopyapyala. Apa mpamene tinafika pa chithunzi chakumbuyo chenichenicho. Pulogalamu siidula ndendende pa khungu. Imasiya kampata kakang'ono kofewa kuzungulira munthu, ndipo m'kampatako mumaonekera khoma lenileni. Khoma lenileni likakhala lotuwa koma chithunzi chili choyera mbee, kampatako kamaoneka ngati mzere wojambula ndi pensulo. Chithunzi chikakhala chofanana ndi khomalo kuwala kwake ndi mtundu wake, kampatako kamakhalapobe koma maso sakaona. Tinasankha chithunzi cha chipinda chotuwirako, chopanda mizere yambiri pamalo pamene mutu umakhala, ndipo mkombero uja sunaonekenso. Kamera sanagule. Zonsezi zinatitengera nthawi yosakwana theka la ola, ndipo yambiri inathera pa kusuntha tebulo.

Mfundo ya kampata imeneyi ndi imene imandichititsa kulangiza anthu ambiri kuti asankhe chimbuuzi m'malo mwa chithunzi. Pa chimbuuzi, zakumbuyo ndi chipinda chanu chomwecho, mitundu yake ndi yomweyo, kuwala kwake n'komweko. Pulogalamu ikalakwitsa malire, chimene chimatulukira n'chofanana ndi zozungulira, ndiye cholakwikacho chimabisika chokha. Kumene kuli kusankha pakati pa chimbuuzi chochepa ndi chambiri, chochepacho chimabisa zolakwika za m'mbali kuposa chambiri, ngakhale kuti chimabisa chipinda pang'ono.

Nsalu yobiriwira

Ngati mumaonetsa zinthu m'manja, kapena mukufuna kuti tsitsi ndi zala zizidulidwa mwaukhondo, njira yodalirika ndi nsalu yobiriwira. Apa pulogalamu imasiya kuyerekeza kuti munthu ali pati. Imangochotsa chilichonse cha mtundu umodzi umene mwaiuza. N'chifukwa chake buku limene mwanyamula silisowa, ndipo kompyuta yofooka imapepukidwa. Mu Zoom chongani I have a green screen pa gawo lomwe lija la zakumbuyo. Pulogalamu imayesa kuzindikira mtunduwo yokha, koma ikaphonya pali kabokosi ka mtundu: kadineni, kenako mudine pa nsaluyo m'chithunzi chanu. Sankhani malo apakatikati, osati owala kwambiri kapena amthunzi. Mtundu wobiriwira anausankha chifukwa uli kutali ndi mitundu ya khungu la munthu, koma khoma losalala labuluu limathanso kugwira ntchito ngati simunavale buluu.

Nsaluyi ili ndi zofuna zake. Ikhale yosanyezimira, yokokedwa bwino, yositidwa, chifukwa khwinya lililonse limapanga mthunzi ndipo mthunziwo ndi mtundu wina umene pulogalamu siuchotsa. Idzaze chithunzi chonse mpaka m'ngodya. Iwale mofanana ponseponse. Ndipo mutalikirane nayo mita imodzi kapena kuposerapo, apo ayi kuwala kobwerera kuchokera pa nsaluyo kumapaka ubiriwiri m'makutu, m'masaya ndi m'mapewa, pulogalamu n'kumadya malo amenewo. Mukaona timabowo pa malaya kapena pa magalasi, ndiye kuti pamenepo pali chobiriwira kapena chonyezimira chimene chikubweza mtundu wa nsaluyo.

Chenjezo limodzi: mukachonga bokosi la I have a green screen lija mulibe nsalu yamtundu umodzi kumbuyo, chithunzi chimasanduka zigamba zokhazokha, nkhope n'kumaonekera mkati. Wina akakuuzani kuti zakumbuyo zaonongekeratu mwadzidzidzi, yambani mwayang'ana bokosi limeneli.

Pamene vuto lili mu kompyuta

Tinene kuti kuwala kuli bwino, khoma lili bwino, koma malire akutsalirabe m'mbuyo mukasuntha, fani ya laputopu ikulira, mwinanso mawu akudukaduka. Kujambula malire pa chithunzi chilichonse ndi ntchito yolemetsa, ndipo kompyuta ikatanganidwa imadumpha zithunzi zina. Pa Windows dinani Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager, pa Mac tsegulani Activity Monitor, muone mmene purosesa yatanganidwira msonkhano uli m'kati. Ngati ikungokhala chakumapeto, pafupi ndi 100 peresenti, tsekani mapulogalamu ena ndi masamba a intaneti amene simukuwagwiritsa ntchito. Lumikizani laputopu ku magetsi, chifukwa malaputopu ambiri amadzichepetsa liwiro akamayendera batire. Isakhale pa bedi kapena pa pilo pamene mpweya sungalowe, chifukwa ikatentha imadzichepetsanso liwiro. Ngati munaika vidiyo yoyenda kumbuyo, isintheni ndi chithunzi choima.

Amene mumagwiritsa ntchito Meet pa Chrome, onani ngati Chrome ikuloledwa kugwiritsa ntchito chipangizo cha zithunzi cha mu kompyuta. Lembani izi pamalo olembapo adiresi:

```
chrome://settings/system
```

Pamenepo yatsani Use graphics acceleration when available, kenako mudine Relaunch. Pa Chrome yakale mawu ake ndi hardware acceleration. Kuti mutsimikize kuti zagwira, tsegulani tsamba ili:

```
chrome://gpu
```

Yang'anani mzere umene ukuyamba ndi WebGL. Ukamati Hardware accelerated ndiye kuti zili bwino. Ukanena kuti Software only, ntchito yonse yagwera purosesa, ndipo zakumbuyo zimachedwa kapena batani lake silipezeka n'komwe.

Pali vuto linanso lobisika: kudula kawiri. Makompyuta ena atsopano amachititsa chimbuuzi okha, chithunzi chisanafike ku pulogalamu ya msonkhano. Pa Mac chimenechi chimatchedwa Portrait, pa makompyuta ena a Windows 11 chili m'gulu la Windows Studio Effects, ndipo makamera ena olumikiza amabwera ndi pulogalamu yawoyawo yochita zomwezo. Chimbuuzi chimenechi ndi cha pulogalamu ya msonkhano zikayaka zonse ziwiri, pulogalamu yachiwiri imalandira munthu amene m'mbali mwake mwafewetsedwa kale, n'kudulanso pamenepo. Kudziwa kwake n'kosavuta: ikani None mu Zoom kapena mu Meet. Ngati kumbuyo kukadali kwa chimbuuzi, ndiye kuti kuli china chimene chikuchita zimenezo. Zimitsani chimodzi, musiye chimene chikuoneka bwino.

Ngati batani la zakumbuyo kulibiretu, mwina kompyutayo siikwanitsa zimene pulogalamu imafuna, mwina pulogalamuyo ndi yakale ndipo ikufunika kuika yatsopano, kapena woyang'anira akaunti ya kuntchito anazitseka dala. Chomalizachi simungachikonze nokha, n'chofunika kuwapempha iwowo.

Za intaneti zija n'zachidule. Chithunzi chimene mumadzionera chimachokera mu kompyuta yanu, chisanapanikizidwe kuti chitumizidwe. Chimene anzanu amaona chadutsa pa intaneti, ndipo intanetiyo ikafooka, malo osunthasuntha monga m'mbali mwa munthu ndi amene amayamba kusweka. Kuti muone zimene iwo amaona, lowani mu msonkhano womwewo ndi foni yanu, mutazimitsa maikolofoni ndi sipika yake kuti pasamveke kulira. Ngati pa foni mukusweka koma pa laputopu muli bwino, yandikirani rauta kapena lumikizani ndi waya, chipindacho musachivutitse.

Zimene sizingatheke

Popanda nsalu yobiriwira, pali zinthu zimene sizidzakhala zaukhondo ngakhale mutachita zonsezi. Kampata ka pakati pa mutu ndi lamba wa mahedifoni kamaonetsa khoma lenileni pafupifupi nthawi zonse, ndipo mankhwala ake n'kuvala timahedifoni tating'ono ta m'makutu kapena kusankha chimbuuzi. Tsitsi lomwazika limametedwa m'mphepete. Zala zoyenda mofulumira zimadukabe pang'ono. Pepala kapena buku limasowa mukalitalikitsa ndi thupi, chifukwa pulogalamu ikufunafuna munthu, osati pepala. Mukafuna kuti lioneke, ligwireni patsogolo pa chifuwa, m'kati mwa malire a thupi lanu, kapena zimitsani zakumbuyo kwa kanthawi kameneko.

Komanso chimbuuzi si katani. Munthu akadutsa kumbuyo kwanu, pulogalamu imamuzindikira kuti ndi munthu ndipo imatha kumuonetsa bwinobwino, kaya ndi mwana kapena wina amene sakudziwa kuti kamera ndi yoyaka. Mukasuntha mofulumira, zidutswa za chipinda zimaonekera kwa kamphindi, ndipo ngati msonkhanowo ukujambulidwa, wina akhoza kuimitsa vidiyo pamenepo n'kuyang'anitsitsa. Ndiye pepala lokhala ndi manambala achinsinsi, kalata ya kuchipatala, kapena bolodi yolembapo za kuntchito zichotsedwe kumbuyoko ndithu. A m'nyumbamo auzeni nthawi imene msonkhano ukuyamba, ndipo mukamadzuka pa mpando, zimitsani kaye kamera.